Madesiki 60 a mtundu watsopano: ndiike maola angati pa koteshoni?

Mbewe wa ku Mchesi

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yofuna anthu odziwa masamu a ntchito. Bungwe lina lothandiza sukulu landipempha koteshoni ya madesiki 60 okhala ana awiriawiri, a miyendo ya mapaipi achitsulo ndi matabwa pamwamba, ndipo ali ndi kashelefu ka mabuku pansi pake. Mtundu umenewu sitinaupangepo pa shopu yathu, chifukwa ife tinazolowera mabedi, mageti ndi madesiki a matabwa okhaokha. Anatipatsa chojambula, ndipo tapanga madesiki anayi achitsanzo. Yoyamba inatenga maola 20 tikaphatikiza maola a anyamata onse amene anaigwira, yachiwiri maola 14, yachitatu maola 12 ndi theka, yachinayi maola 11 ndi theka.

Anyamata anga anayi ndimawalipira K1,500 pa ola, ndipo zipangizo za desiki imodzi zikukwana K55,000. Ndikawerengera maola 20 pa desiki iliyonse ndikupeza maola 1,200, kutanthauza K1,800,000 ya malipiro okha, ndipo ndi mtengo wotere ntchitoyi aitenga ena. Ndikatenga maola 11 ndi theka a desiki yachinayi ndikuopa kudzimangirira ndekha. Kodi pali njira yodziwira maola enieni a madesiki onse 60 ntchito isanayambe? Koteshoni ikufunika pofika Lachisanu la sabata yamawa.

Gondwe

Bambo Mbewe, nkhani imeneyi tangoiphunzira kumene m'maphunziro a zowerengera ndalama, ndipo ndi yosavuta. Munthu akamabwereza ntchito yatsopano manja amazolowera, ndipo nthawi imatsika ndi mlingo womwewo nthawi iliyonse imene chiwerengero cha zinthu zopangidwa chawirikiza kawiri. Kwa inu desiki yachiwiri inatenga maola 14 pamene yoyamba inatenga 20, ndiye mlingo wanu ndi 70 peresenti. Muchulukitse maola 20 ndi 0.7 kasanu ndi kamodzi kuti mufike pa madesiki 64, mupeza maola 2.35 pa desiki imodzi. Madesiki onse 60 sadzapitirira maola 150. Mukhoza kutsitsa mtengo kwambiri ndipo palibe amene angapikisane nanu.

Mbewe wa ku Mchesi

Zikomo achimwene, koma maola awiri ndi pang'ono sakwanira ngakhale kudula mapaipi ndi kusalaza matabwa a desiki imodzi. Ngati masamuwo akunena zimenezo, ndiye kuti sanalowepo m'shopu.

Nankhoma

A Gondwe agwira mutu wa nkhani koma asakaniza njira ziwiri zosiyana. Ine ndimagwira ntchito yowerengera mitengo ya zinthu pa fakitale ina ku Blantyre, ndipo cholakwika chimenechi ndimachiona kawirikawiri. Njira imene timaigwiritsa ntchito kwambiri ndi ija anaifotokoza T. P. Wright mu 1936, pamene ankawerengera maola opangira ndege ku America. Iye anaona kuti chiwerengero cha ndege zonse zopangidwa chikawirikiza kawiri, avereji ya maola a ndege imodzi imatsika kufika pa 80 peresenti ya avereji yoyamba ija. Chimene chimatsika ndi mlingo wokhazikika ndi avereji ya zonse zimene zapangidwa kuyambira pa chiyambi, osati nthawi ya chinthu chomaliza chokha.

Tiyeni titenge manambala a bambo Mbewe. Desiki imodzi inatenga maola 20, ndiye avereji ndi 20. Madesiki awiri anatenga maola 34 pamodzi, ndiye avereji ndi 17, imene ili 85 peresenti ya 20. Madesiki anayi anatenga maola 58, avereji yake ndi 14 ndi theka, ndipo imeneyi ilinso pafupifupi 85 peresenti ya 17. Popeza mlingo watuluka womwewo kawiri, tili ndi poyambira. A Gondwe anagawa 14 ndi 20, kumene kuli kuyerekeza desiki yachiwiri payokha ndi yoyamba, kenako yankho lawo analigwiritsa ntchito ngati kuti ndi avereji ya madesiki onse.

Tikapitiriza ndi 85 peresenti, avereji ya madesiki 8 idzakhala maola 12.3 ndipo onse pamodzi adzatenga maola 98. Pa madesiki 16 avereji idzakhala 10.4, onse pamodzi maola 167. Pa madesiki 32 avereji idzakhala 8.9, onse pamodzi maola 284. Popeza 60 si nambala imene timafikapo powirikiza, pafunika fomula. Mulembe izi mu Excel kapena mu pulogalamu ina yowerengera ya pa foni:

```
=20*60^(LOG(0.85)/LOG(2))
```

Yankho lake ndi maola 7.66 pa desiki imodzi, ndipo mukachulukitsa ndi 60 mupeza maola pafupifupi 460, amene pa K1,500 akukwana K690,000. Komabe musafulumire kulemba nambala imeneyi pa koteshoni, chifukwa ikuganiza kuti anyamata anu adzangopitirira kufulumira mpaka desiki yomaliza.

Gondwe

Mayi Nankhoma, m'buku lathu muli njira inanso imene imayerekeza chinthu chachiwiri ndi choyamba, chachinayi ndi chachiwiri, monga ndachitira ine. Sindikuona chifukwa choikanira.

Nankhoma

Njira imeneyo ilipodi, imatchulidwa ndi dzina la Crawford, ndipo m'mafakitale ena amaikonda. Koma mukaisankha muyenera kuitsata mpaka kumapeto, kutanthauza kuti muwerengere nthawi ya desiki iliyonse payokha kenako muphatikize zonse 60, osati kutenga nthawi ya desiki yomaliza n'kuichulukitsa ndi 60. Chinanso, iyeseni pa manambala tili nawowa. Desiki yachiwiri ndi 70 peresenti ya yoyamba, koma yachinayi, ya maola 11 ndi theka, ndi 82 peresenti ya yachiwiri. Mlingo wosinthasintha chonchi sungadaliridwe. Pa shopu ya bambo Mbewe njira ya avereji ndi imene ikugwirizana ndi zimene zachitika, n'chifukwa chake ndaisankha.

Nachisale Telala

Ine ndikugwirizana ndi zoti zinthu zikachuluka mtengo umatsika. Ndikamasoka mayunifomu a sukulu ndimagula nsalu ya mpukutu wathunthu ku Limbe, ndipo mita imodzi imatsika mtengo kusiyana ndi kugula mamita asanu. Bambo Mbewe, apempheni ogulitsa mapaipi akuchotsereni, popeza mukugula zambiri nthawi imodzi.

Nankhoma

Malangizo amenewo ndi abwino mayi Nachisale, koma ndi kutsika kwa mtundu wina. Kuchotseredwa mtengo pogula zambiri kumakhudza K55,000 ya zipangizo ija, ndipo kumachitika ngakhale amisiri asanagwire chitsulo. Zimene tikukamba pano zikukhudza maola a anthu okha. Desiki ya nambala 60 idzafuna mapaipi ndi matabwa ofanana ndi a desiki yoyamba, kupatula kuti zidutswa zowonongeka podula molakwika zidzachepako. Ndiye aliyense amene angatenge mtengo wonse wa desiki n'kuuchulukitsa ndi 85 peresenti adzakhala akulonjeza kutsika kumene kulibe.

Ndikufunseni, mayunifomu anu akakhala 200, kodi diresi yomaliza imasokedwa msanga kuposa yoyamba?

Nachisale Telala

Yunifomu ya masiku onse ayi, chifukwa atsikana anga aisoka kwa zaka zambiri ndipo yoyamba ndi yomaliza zimatenga nthawi imodzimodzi. Koma chaka chatha sukulu ina ya mkaka inafuna madiresi okhala ndi mapindo ambiri ndi kolala yachilendo. Tsiku loyamba mtsikana mmodzi anamaliza awiri okha, akusoka ndi kusosola, koma pofika Lachinayi ankamaliza asanu pa tsiku. Kuchokera pamenepo sanawonjezerenso, anakhala pa asanu mpaka ntchito inatha.

Matemba ku Joni

Zimene anena mayi Nachisalezi ndi zimene ndimafuna kuwauza bambo Mbewe. Ine ndine kapitawo pa fakitale ya mipando kuno ku Johannesburg, ndipo sindinaonepo ntchito imene imangofulumira osalekeza. Kufulumira kumachitika masiku oyambirira pamene amisiri akupeza kadulidwe koyenera, poyambira kuwotcherera kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha, ndiponso pamene asiya kubwerera ku chojambula mphindi iliyonse. Zimenezi zikadziwika chimatsala ndi ntchito imene ili ndi liwiro lake lake. Galayinda imadula paipi pa liwiro limodzi lero ndi mawa. Malodi amasungunuka pa liwiro lawo. Penti ndi vanishi siziuma msanga chifukwa choti wopentayo wazolowera, ndipo magetsi akazima onse amakhala pansi, wodziwa ndi wosadziwa yemwe.

Pa ntchito ya desiki yachitsulo, imene ilibe zigawo zambiri, ine ndingayembekeze kuti amisiri akhazikika asanafike pa desiki ya nambala 20. Ndege imene mwatchula, mayi Nankhoma, ili ndi zigawo zikwizikwi ndipo munthu amaphunzirabe chatsopano pa ndege ya nambala 100. Desiki ili ndi mapaipi mwina khumi ndi matabwa anayi.

Nankhoma

Ndikuvomereza a Matemba, ndipo masamu ake alipo. Tinene kuti kufulumira kudzalekera pa desiki ya nambala 16. Choyamba tipeze nthawi ya desiki imeneyo payokha. Fomula ija ikutipatsa maola 167 a madesiki 16 ndi maola 159 a madesiki 15, ndiye kusiyana kwake, maola 8, ndi nthawi ya desiki ya nambala 16. Madesiki 44 otsalawo adzatenga maola 8 iliyonse, amene ndi maola 352, ndipo tikaphatikiza ndi 167 aja tikupeza pafupifupi maola 520. Malipiro ake ndi K780,000, kapena K13,000 pa desiki imodzi.

Cholakwika chimene anthu amachita pano ndi kutenga avereji ya 10.4 n'kuichulukitsa ndi madesiki otsalawo. Avereji imeneyo yanyamula maola ambirimbiri a madesiki oyamba aja, amene sadzabweranso. Madesiki otsala adzatenga nthawi ya desiki yomaliza kupangidwa, osati avereji.

Bambo Mbewe, onaninso mmene mlingo uja umasinthira yankho, kuti mudziwe chifukwa chake sitiutenga mwachisawawa. Ndi desiki yoyamba ya maola 20 yomweyo, mlingo wa 80 peresenti ukupereka maola 321 pa madesiki 60, pamene wa 90 peresenti ukupereka maola 644. Kulakwitsa pang'ono pa mlingo kukuwirikiza maola kawiri. Choncho ndikufunseni funso limodzi ndisanapitirire. M'maola 20 a desiki yoyamba aja munali chiyani kwenikweni?

Mbewe wa ku Mchesi

Ndayang'ana m'kope. M'maola 20 aja muli maola anayi amene ine ndi mmisiri wamkulu tinakhala tikuwerenga chojambula ndi kupanga chikombole chachitsulo chogwirira miyendo powotcherera, kuti yonse ituluke yofanana. Chikombolecho chilipo ndipo ndi chimene tagwiritsa ntchito pa madesiki atatu enawo. Kodi zimenezi zikusintha kanthu, popeza maolawo ndinawalipirabe?

Nankhoma

Zikusintha zambiri. Kupanga chikombole ndi ntchito ya kamodzi kokha, ndipo kusabweranso kwake si kuzolowera kwa manja. Maola anayiwo muwalipiritse ndithu pa koteshoni, koma pa mzere wawo, ndipo achoke m'masamu a mlingo. Desiki yoyamba ndiye kuti inatenga maola 16. Awiri oyamba anatenga maola 30, avereji 15, imene ili 94 peresenti ya 16. Anayi anatenga maola 54, avereji 13 ndi theka, imene ili 90 peresenti ya 15. Mlingo wanu si 85 tsopano, uli cha pa 92 peresenti.

```
=16*60^(LOG(0.92)/LOG(2))*60+4
```

Yankho ndi maola pafupifupi 590, ndipo apa sitinaikemo n'komwe kuti kufulumira kudzalekera panjira. Zingaoneke zodabwitsa kuti tachotsa maola anayi pa desiki yoyamba koma chiwerengero chonse chakwera kuchoka pa 460 kufika pa 590. Chifukwa chake n'chakuti maola anayi aja ankachititsa kuti kutsika kwa pakati pa desiki yoyamba ndi yachiwiri kuoneke kwakukulu, ndipo fomula inkabwereza kutsika konyengako mpaka pa desiki ya nambala 60. Ichi ndi chifukwa chake ndimakana kukhulupirira mlingo wochokera pa zinthu ziwiri zoyamba zokha. Chinthu choyamba chimanyamula zinthu zambiri zimene si ntchito yobwerezabwereza: kusaka zipangizo, kukonza makina, kufunsana, ngakhale kudikira mwini oda kuti ayankhe foni.

Gondwe

Koma mayi Nankhoma, kuwerenga chojambula ndi mbali ya kuphunzira ntchito. Ngakhale ku mafakitale a ndege aja, kupeza zida zabwino ndi njira zatsopano kunkawerengedwa m'kutsika kwa maola. Mukachotsa zimenezo mukuchotsa chinthu chomwe tikuyesacho. Ine ndikadachotsa maola a chikombole okha n'kusiya a chojambula.

Nankhoma

Pamenepo muli ndi mfundo. Mmisiri adzabwereranso ku chojambula pa desiki yachiwiri ndi yachitatu, mocheperachepera, ndiye gawo limenelo likhoza kukhala m'masamu. Vuto ndi loti bambo Mbewe sanalembe kuti chojambula chinatenga maola angati ndipo chikombole angati, ndiye mlingo weniweni uli penapake pakati pa 85 ndi 92, ndipo madesiki anayi sangatiuze zoposa pamenepa.

Pali njira yoyesera imene ingatheke Lachisanu lisanafike, ngati muli ndi zipangizo. Pangani madesiki ena anayi ndipo mulembe maola mosamala. Ngati mlingo uli 85 peresenti, madesiki a nambala 5 mpaka 8 adzatenga maola pafupifupi 40 pamodzi. Ngati uli 92 peresenti adzatenga pafupifupi 46. Kusiyanako n'kokwanira kuti mukuone m'kope.

Matemba ku Joni

Mayesowo ndi abwino, koma ndikuchenjezeni kuti ntchito yeniyeni simudzaigwira desiki imodziimodzi monga munachitira ndi zitsanzo. Mmisiri wanzeru amadula mapaipi a madesiki khumi nthawi imodzi makina ali otcheredwa pa muyeso umodzi, kenako amawotcherera miyendo yonse, kenako amaboola, kenako amapenta. Mukatero simungathe kunena kuti desiki ya nambala 7 inatenga maola akuti, chifukwa ilibe nthawi yakeyake. Ife kuno timawerenga m'magulu. Gulu loyamba la zinthu zisanu kapena khumi ndi limene timaliyesa chinthu choyamba, gulu lachiwiri chinthu chachiwiri, ndipo timayerekeza magulu ofanana kukula.

Ndipo mudzaona kuti kusintha kuchoka pa imodziimodzi kupita pa magulu kudzatsitsa maola nthawi yomweyo, osati pang'onopang'ono monga fomula ikunenera. Ndiye ngati anayi otsatirawo mudzawapanga ngati gulu, akhoza kutenga maola 38, inu n'kuganiza kuti mlingo wa 85 watsimikizika, pamene chimene chachitika ndi kusintha kwa kagwiridwe ka ntchito kumene sikudzabwerezeka.

Nankhoma

Zimenezo ndi zoona, ndipo fomula siingathe kusiyanitsa ziwirizi. Ngati bambo Mbewe akufuna kuyesa mlingo, anayiwo awapange monga anapangira oyamba aja. Ngati akufuna kudziwa nthawi imene ntchito idzakhazikikepo, awapange ngati gulu. Pa koteshoni ine ndikuona kuti chachiwirichi ndi chofunika kwambiri, chifukwa madesiki ambiri mwa 60 aja adzapangidwa ntchito itakhazikika kale, koma ena angaone mosiyana.

Zimba wa ku Chipata

Ine funso langa ndi la malipiro. Kuno amisiri ambiri timawalipira pa chinthu chimene wamaliza, osati pa ola. Ngati bambo Mbewe angawauze anyamata kuti desiki imodzi ndi K15,000, masamu onsewa ali ndi ntchito yanji?

Nankhoma

Funso limeneli ndi lenileni, chifukwa kutsika kwa maola ndi kutsika kwa ndalama si chinthu chimodzi. Mukamalipira pa ola, monga akuchitira bambo Mbewe, ola lililonse lopulumutsidwa ndi K1,500 yotsala m'thumba la mwini shopu. Mukamalipira pa desiki, malipiro onse adzakhala K900,000 kaya anyamata afulumire kapena achedwe, ndipo phindu la kuzolowera limapita kwa iwo. Mwini shopu amapindula pa zinthu zotsata maola zokha, monga magetsi, mafuta a jenereta ndi kuchepa kwa masiku amene shopu yatsekeredwa ndi ntchito imodzi. Mukamalipira pa mwezi ndiye nkhani ina: maola akhoza kutsika ndi theka koma malipiro osasintha, pokhapokha ngati nthawi yotsalayo mwaipezera ntchito ina yobweretsa ndalama.

Komabe ngakhale wolipira pa desiki afunika masamuwa poika mtengo wa desikiyo. Pa K15,000, desiki ya maola 16 ikumpatsa mmisiri ndalama yosakwana K1,000 pa ola, pamene desiki ya maola 8 ikumpatsa K1,875 pa ola. Ndiye sabata yoyamba anyamata adzadandaula kuti akudyeredwa masuku pamutu, ndipo ena akhoza kuchoka nthawi yomwe ntchito yatsala pang'ono kuwakomera.

Matemba ku Joni

Ine sindikonda kulipira pa desiki ntchito ikadali yatsopano. Mmisiri amene akuthamangira chiwerengero asanadziwe ntchito amangogwiritsa zitsulo ndi timadontho m'malo mowotcherera mzere wonse, amapaka penti pamwamba, ndipo desiki imathyoka ana atangoikhalira teremu imodzi. Maola amaoneka atsika m'kope koma amabwerera pokonza zobwezedwa. Kulipira pa ola nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa mnyamata akaona kuti kufulumira kukumuchepetsera malipiro sadzafulumira, ndipo 85 peresenti yanuyo idzathera pa pepala. Ine ndikadalipira pa ola madesiki 16 oyamba, kenako n'kusinthira pa desiki nthawi yeniyeni itadziwika.

Zimba wa ku Chipata

Kusintha malipiro ntchito ili mkati kumabweretsa mikangano, a Matemba. Anyamata akadziwa kuti mtengo wa desiki udzatengera liwiro lawo la sabata yoyamba, adzachedwa dala sabata imeneyo. Ine ndimagwirizana nawo mtengo tsiku loyamba ndipo sitibwereranso.

Gondwe

Pa za kuwotcherera kothamanga, pali chitsanzo chodziwika. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse America inapanga sitima zapamadzi zonyamula katundu zotchedwa Liberty zokwana 2,710 pakati pa 1941 ndi 1945. Yoyamba inatenga masiku 244, koma pambuyo pake avereji inatsika kufika cha pa masiku 42. Kwa zaka zambiri anthu ankati ndi kuzolowera kwa antchito kokha, koma ofufuza ena anasonyeza kuti mbali yaikulu inachokera ku makina ndi malo opangira amene anawonjezeredwa, ndiponso kuti sitima zina zinkang'aluka zitsulo zili kale pa ntchito. Ndiye mlingo wooneka bwino kwambiri uyenera kufunsidwa kumene wachokera.

Mbewe wa ku Mchesi

Zikomo nonse. Ndili ndi mafunso awiri enanso. Bungwelo likufuna madesiki m'masabata atatu, ndipo ndimaganiza zobwereka anyamata anayi a shopu ya mnzanga kuti gulu lililonse lipange 30. Chachiwiri, anena kuti akakhutira adzaitanitsa ena 60 chaka chamawa, ndipo akufuna ndiwauziretu mtengo wake.

Nankhoma

Kugawa ntchito pakati pa magulu awiri kumachepetsa masiku koma kumachulukitsa maola, chifukwa gulu lachiwiri lidzayambira pa desiki yoyamba m'manja mwawo. Pa mlingo wa 85 peresenti madesiki 30 amatenga maola 270, ndiye magulu awiri adzatenga 540, pamene gulu limodzi likadatenga 460. Kusiyanako kungachepe ngati mmisiri wanu wamkulu akawasonyeza njira ndi kuwapangira chikombole chachiwiri, koma sikungathe konse.

Musanabwereke anthu, werengerani masiku. Anyamata anayi pa maola 8 ndi maola 32 pa tsiku. Maola 520 ndi masiku 17, ndipo maola 590 ndi masiku 19, pamene masabata atatu ogwira ntchito mpaka Loweruka ndi masiku 18. Madesiki anayi muli nawo kale, amene akuchotsa maola 58, ndiye mukhoza kukwanitsa nokha ngati magetsi sakuvutani. Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi lonjezo la madesiki 20 sabata iliyonse. Maola 160 oyamba, amene ndi masiku asanu a ntchito, amatulutsa madesiki 15 okha ngakhale pa mlingo wabwino uja, pamene maola 160 otsatira amatulutsa 20. Muwauze kuti gawo loyamba lidzakhala lochepa, ndipo ngati amalipira pa madesiki operekedwa, dziwani kuti malipiro a anyamata adzatsogola ndalama yolowa ikutsalira.

Pa oda yachiwiri, fomula ikunena kuti madesiki 120 amatenga maola 781 pa mlingo wa 85, ndiye 60 achiwiriwo ndi maola 321 okha. Nambala imeneyi ine sindingailembe pa pepala lililonse. Imaganiza kuti kufulumira sikunaleke, kuti anyamata ndi omwewo, ndiponso kuti palibe nthawi yopuma pakati. Luso limaiwalika. Kampani ya Lockheed inapanga ndege za TriStar 250, ndipo pamene inachepetsa kapangidwe m'zaka za m'ma 1970, maola a ndege imodzi anakweranso m'malo mopitirira kutsika. Ngati izi zinachitika kumene zonse zimalembedwa, nanga pa shopu imene idzakhala miyezi khumi ikupanga mageti?

Matemba ku Joni

Ndipo pa anyamata anayi muli nawo lerowo, chaka chamawa mwina awiri adzakhala atatsegula zawo kapena atabwera kuno. Chimene chingasunge luso ndi chikombole, mndandanda wa miyeso ya mapaipi, ndi ndondomeko ya kawotcheredwe yolembedwa pa thabwa la pakhoma. Zimenezi musunge, ndipo oda yachiwiri simudzayambira pa maola 16. Koma mudzayambira pamwamba pa nthawi imene munalekera, mwina kwa madesiki asanu oyamba.

Nachisale Telala

Komanso musawauziretu mtengo wa chaka chamawa popanda kulemba kuti zipangizo zidzawerengedwa pa mtengo wa nthawi imeneyo. Maola atsike bwanji, paipi ikakwera mtengo zonse zimene mwapulumutsazo zidzathera pomwepo.

Mbewe wa ku Mchesi

Ndamva. Mawa tiyamba madesiki anayi ngati gulu limodzi, monga anenera a Matemba, ndipo ndilemba padera maola odula, owotcherera, a matabwa ndi openta, kuti ndione mbali imene ikutsikabe ndi imene yaima. Pakadali pano pa koteshoni ndaika maola 600, amene ndi K900,000, kapena K15,000 pa desiki, ndipo chikombole chili pa mzere wake. Ngati anayiwa atenga maola osapitirira 36 nditsitsa kufika pa 540. Mayi Nankhoma, kodi maola 600 akukwana ngati mlingo uli 92 ndipo kufulumira kwalekera pa desiki ya 16?

Nankhoma

Sakukwana. Pa mlingo wa 92 madesiki 16 oyamba amatenga maola pafupifupi 183, ndipo desiki ya nambala 16 payokha imatenga pafupifupi maola 10. Madesiki 44 otsala ndi maola 445, ndiye zonse pamodzi ndi chikombole zikufika cha pa 630, kutanthauza pafupifupi K45,000 pamwamba pa zimene mwaika. Pa oda imene zipangizo zokha zikukwana K3,300,000 ndalama imeneyo siingakugwetseni, koma masiku angakuvuteni, chifukwa maola 572 otsala pa anyamata anayi ndi masiku 18 osatsalako ngakhale limodzi. Mutitumizire maola a gulu la mawalo, makamaka a kuwotcherera, tiwerengenso Lachisanu lisanafike.